Wolembanso uthenga wofufutika asabise chikayiko chake

Uthenga wa maliro, chidziwitso cha ntchito, mndandanda wa ana amene asankhidwa kupita kusekondale: zambiri mwa izi masiku ano zimafika pa foni ngati sikirinishoti, kutanthauza chithunzi cha mawu amene wina anajambula pagalasi la foni yake. Chithunzicho chikamafika ku Chipata, ku Dedza kapena ku Angonia kuchokera ku Joni, chimakhala chitadutsa m'manja ambiri, ndipo zilembo zake zimaoneka mwachimbuuzi ngati zolembedwa papepala limene lanyowa ndi mvula. M'gulu lililonse la WhatsApp mumapezeka munthu wachifundo amene amadzipereka kulembanso mawuwo kuti achikulire ndi a maso ofooka awerenge. Ntchito yakeyo ndi yabwino, koma ili ndi mbuna imene ambiri saiona.

Mbunayo ndi iyi: chithunzi chofufutika chimachenjeza chokha, pamene mawu otayipidwa bwino sachenjeza aliyense. Munthu akaona nambala yosaoneka bwino amadziwa kuti ayenera kufunsa. Nambala yomweyo ikalembedwanso m'zilembo zoyera, chikayiko chonse chimatha, ngakhale kuti wolembayo anangoganizira. Choncho wolembanso uthenga wotere ali ndi udindo wolemba zinthu ziwiri pamodzi, zimene waona ndi pamene wakayika. Akapereka choyamba chokha, wapereka uthenga wooneka wodalirika kuposa mmene ulili.

Kuti zimenezi zimveke, m'pofunika kudziwa chimene chimawononga chithunzi. Chithunzi cha pafoni chimapangidwa ndi timadontho tambirimbiri totchedwa mapikiselo. Mafoni ambiri amajambula sikirinishoti ya timadontho 1080 m'lifupi ndi 2400 m'litali. Ikatumizidwa pa WhatsApp mwa njira ya nthawi zonse, imachepetsedwa kuti mbali yake yaitali ikhale pafupifupi 1600, ndiye kuti m'lifupi mumatsala 720. Chilembo chilichonse chataya gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wake. Sikirinishoti zazitali, zija amajambula akutsetsereka ndi tsamba lonse, zimavutika koposa, pakuti kutalika kukafinyidwa kwambiri, m'lifupi mumatsala timadontho tochepa zedi.

Pambuyo pochepetsa pamabwera kufinya. Njira yofala yosungira zithunzi, yotchedwa JPEG, inakhazikitsidwa mu 1992 ndipo inapangidwira zithunzi za nkhope, mitengo ndi mapiri, momwe mitundu imasintha pang'onopang'ono. Imagawa chithunzi m'timabwalo ta timadontho 8 m'lifupi ndi 8 m'litali, ndipo m'kabwalo kalikonse imasunga maonekedwe aakulu n'kutaya tinthu tating'ono. Pankhope ya munthu diso silizindikira chimene chatayika. Koma chilembo ndi kanthu kopangidwa ndi timizere tating'ono tokhatokha, takuda pamalo oyera. Kusiyana kwa 3 ndi 8 ndi timizere tiwiri ta kumanzere, tonenepa mwina kadontho kamodzi kapena tiwiri, ndipo timeneti ndi timene timayamba kutayika. Zimene zimatsala ndi kaphulusa kozungulira chilembo. Njirayi imasunganso mitundu mosasamala kwenikweni poyerekeza ndi kuwala, n'chifukwa chake mawu ofiira olembedwa pamalo akuda kapena obiriwira amafufutika msanga kuposa akuda pamalo oyera.

Anthu ambiri amakhulupirira kuti chithunzi chimaipirako nthawi iliyonse imene wina wachitumiza kwa mnzake. Kwenikweni kungodina kamuvi kotumizira uthenga patsogolo kawirikawiri sikuchisintha. Chimawonongeka pamene wina wachisunga n'kuchitumizanso ngati chatsopano, pamene wachijambulanso sikirinishoti, wachidula m'mbali, wachiika pa Facebook, kapena wajambula galasi la foni ya mnzake ndi kamera. Pa ulendo uliwonse wotere timabwalo tija timagwera pamalo ena, ndipo chimene chinapulumuka koyamba chimadulidwa kachiwiri. Mawu akuti "Forwarded many times", amene WhatsApp imaika pa uthenga umene wadutsa maulendo asanu kapena kuposa, amangonena kuti uthengawo wachokera kutali. Sanena kuti wawonongeka motani, ndipo wina akaujambulanso sikirinishoti n'kuutumiza, kuwerenga kuja kumayambiranso pachiyambi.

Chimene chatayika motere sichibwerera. Kukulitsa chithunzi ndi zala kumangokulitsa phulusa lija. N'chifukwa chake ntchito yoyamba ya wolembanso ndi kufunafuna chithunzi chabwinopo, asanalembe chilembo ngakhale chimodzi. Afunse amene wamutumizira kuti iye anachilandira kwa yani, ndipo abwerere m'mbuyo mmene angathere. Akapeza amene ali ndi chithunzi choyambirira, amupemphe kuti achitumize posankha "Document" m'malo mochitumiza ngati chithunzi, pakuti chotumizidwa motero chimafika chosafinyidwa. Mafoni awiri kapena atatu oimbidwa panthawi imeneyi amapulumutsa ola lathunthu lotong'ola maso.

Nthawi zina chithunzi chabwino sichipezeka, ndipo uthenga sungadikire. Chitsanzo chongoyerekeza chingaonetse mmene ntchitoyo iyenera kuyendera. Gulu la anthu a kumudzi kumodzi, ena ali ku Malawi, ena ku Zambia, ena ku Harare ndi ku Joni, lalandira sikirinishoti ya uthenga wa maliro. Ili ndi mizere isanu, ndipo wina anaidula kumanzere mopitiriza pang'ono. Wolemba wopupuluma akhoza kuiwerenga motere: mwambo udzachitika Lachiwiri pa 18 Malichi, akumudzi adzadikira ochokera kutali, membala aliyense asonkhe K5,000 pa nambala yakuti. Zonsezi zikumveka bwino, ndipo palibe angakayike. Wolemba wodekha amayamba mwa njira ina. Amakopera mzere ndi mzere, kusunga pamene mzere uliwonse wathera, ndipo chilichonse chimene sanachione bwino amachiika m'mabulaketi:

[T]ikudziwitsa abale kuti thupi la bambo athu lafika
[k]umudzi. Mwambo woika m'manda udzachitika
[L]achi[....] pa 1[3/8] Malichi 2025. Akumudzi
[.]adzadikira ochokera kutali. Membala aliyense
[a]sonkhe K[5/6],000 pa nambala iyi: +26[0/3/5]

Akatero, mavuto aja amaonekera lililonse palokha, ndipo amatha kulimbana nalo limodzilimodzi.

Loyamba ndi tsiku. Masiku anayi a pasabata amayamba mofanana: Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi ndi Lachisanu, ndipo onse ali ndi zilembo 9, kotero kutalika kwa liwu sikuthandiza. Chimene chimathandiza ndi thupi la liwulo, lomwe limapulumuka ngakhale zilembo zitafufutika. Lachitatu lili ndi zilembo ziwiri zotumphukira m'mwamba chakumapeto. Lachinayi lili ndi mchira wa y wotsikira pansi pa mzere. Lachiwiri ndi Lachisanu alibe mchira. Ngati pachithunzipo pakuoneka kamthunzi kotsika pansi pa mzere chakumapeto kwa liwu, tsikulo ndi Lachinayi. Kalendala imamaliza nkhaniyo: m'mwezi wa Malichi 2025, pa 13 linali Lachinayi ndipo pa 18 linali Lachiwiri. Mchira wa chilembo chimodzi wathandiza kusankha pakati pa 3 ndi 8, ndipo wapulumutsa anthu kuti asafike pamaliro patapita masiku asanu. Komabe umboniwu uli ndi malire ake. Ena amalemba Lachinai popanda y, ndiye kusowa kwa mchira sikukanatsimikizira kuti ndi Lachiwiri. Ndiponso kalendala imathandiza pokhapokha ngati mwini uthenga sanasokoneze yekha tsiku ndi deti.

Vuto lachiwiri lili pamzere wachinayi, ndipo ndi limene olankhula Chinyanja ayenera kuliopa kwambiri. M'chinenerochi kukana kumakhala kumayambiriro kwa mneni, ndipo nthawi zina ndi chilembo chimodzi chokha: adzafika ndi sadzafika, analipira ndi sanalipire, akufuna ndi sakufuna. Chithunzi chodulidwa kumanzere chingathe kusandutsa kukana kukhala kuvomera popanda kusiya chilonda chooneka, chifukwa liwu lotsalalo limakhala lathunthu ndi lomveka. Apa kusunga mizere kumapindula. Mizere ina inayi yonse yataya chilembo choyamba, monga ikudziwitsa m'malo mwa tikudziwitsa ndi umudzi m'malo mwa kumudzi. Mzere wachinayi sungakhale kuti unapulumuka wokha. Liwulo likanakhala adzadikira, pachithunzi pakanatsala dzadikira. Popeza a akuoneka wathunthu, kumbuyo kwake kunali chilembo china, ndipo chilembo chomveka pamenepo ndi s. Akumudzi sadzadikira. Wolemba amene anaphatikiza mizere yonse kukhala ndime imodzi sakanaona zimenezi.

Mpaka pano chinenero chathandiza, chifukwa mawu amachitirana umboni. Liwu limodzi likafufutika, oyandikana nalo amalozera chimene chinali pamenepo. Manambala alibe abale otere. Palibe chilichonse m'chiganizo chimene chinganene ngati chopereka ndi K5,000 kapena K6,000. Chimene wolemba angachite ndi kufunafuna 5 wodziwika m'chithunzi chomwecho, monga uja wa mu 2025, n'kumuyerekeza ndi wokayikitsayo, popeza onse analembedwa ndi zilembo za mtundu umodzi ndipo anawonongeka mofanana. Akafanana kwambiri, angalembe kuti mwina ndi 5. Akapanda kutsimikiza, asiye zonse ziwiri. Pagulu lodutsa malire palinso funso lina limene chithunzi sichiyankha: chilembo cha K chimaimira kwacha ya Malawi komanso ya Zambia, ndipo kwacha imodzi ya Zambia ndi makwacha makumi angapo a Malawi. Wa ku Mozambique nayenso anazolowera kulemba manambala mwa Chipwitikizi, kuika kadontho pamene ena amaika kamchira kolekanitsa masauzande, kotero kuti kachizindikiro kofufutika pakati pa manambala sikoyenera kukalemba mongoganizira.

Nambala ya foni ndiyo yoopsa kuposa zonse, chifukwa ndalama zimayenda pa iyo. Manambala oyambira a mayiko atatu amasiyana kumapeto kokha: +260 ndi Zambia, +263 ndi Zimbabwe, +265 ndi Malawi, ndipo 0, 3 ndi 5 ndi ena mwa manambala amene amafanana akafufutika. Apa manambala otsatira angathandize, pakuti nambala yoyamba ndi 99 kapena 88 imadziwika kuti ndi ya ku Malawi, pamene 97 kapena 96 ndi ya ku Zambia. Kupitirira pamenepo palibenso chothandiza. Ngati manambala awiri okha ali okayikitsa, lililonse pakati pa zinthu ziwiri, ndiye kuti pali manambala a foni anayi, ndipo atatu mwa iwo ndi a anthu achilendo kapena a palibe aliyense. Wolemba amene wasankha imodzi mwa anayiwo n'kuilemba moyera waika chipepeso cha anthu pa maere. Choyenera ndi kusailemba konse nambalayo, n'kunena poyera kuti sikuwerengeka ndipo munthu asatumize ndalama mpaka wa m'banjamo ataitsimikizira. Ngakhale itatsimikizidwa, wotumiza aone dzina limene foni ikuonetsa asanavomereze.

Choncho uthenga umene wolemba wodekha amatumiza ku gulu umakhala ndi mbali zitatu zosiyana mphamvu. Tsiku ndi Lachinayi pa 13, malinga ndi maonekedwe a liwu ndi kalendala. Akumudzi sadzadikira, koma s wabwezeretsedwa chifukwa chithunzi chinadulidwa. Ndalama ndi nambala sizikudziwika. Pamodzi ndi mawuwo amatumizanso chithunzi chimene wakopera, kuti wa maso akuthwa aone yekha. Ngati nthawi ilipo, amapempha munthu wachiwiri kuti awerenge malo okayikitsawo asanamuuze chimene iye waona, pakuti diso likauzidwa kuti apa pali 8 limaona 8.

Mchitidwe woika zokayikitsa m'mabulaketi si wachilendo kapena wongopeka. Akatswiri owerenga zolemba zakale za pamiyala ndi pagumbwa anakumana mumzinda wa Leiden ku Netherlands mu 1931, ndipo anagwirizana zizindikiro zimene akugwiritsabe ntchito: mabulaketi a makona kusonyeza zilembo zimene zinatayika ndipo wowerenga wazibwezeretsa, ndi kadontho pansi pa chilembo chimene chikuoneka mokayikitsa. Cholinga chawo chinali choti wowerenga wam'tsogolo athe kusiyanitsa chimene chili pamwala ndi chimene chili m'mutu mwa katswiri. Sikirinishoti yofufutika ndi mwala wophwanyika wa masiku ano, ndipo imafuna ulemu womwewo.

Kuopsa kwa nambala yolakwa yooneka yoyera kunaonekeranso mu 2013, pamene katswiri wa makompyuta wa ku Germany, David Kriesel, anapeza kuti makina ena a Xerox okopera zikalata ankasintha manambala. Pofuna kuchepetsa kukula kwa fayilo, makinawo ankatenga chizindikiro chimodzi n'kuchiika paliponse pamene panali china chofanana nacho, kotero kuti 6 ankasanduka 8 m'zikalata zooneka bwinobwino. Kampaniyo inavomereza vutolo n'kulikonza. Njira ya makinawo inali yosiyana ndi imene imafinya zithunzi za pafoni, koma phunziro lake likukhudza wolembanso aliyense. Ubongo wa munthu umachita zofanana ndi makina aja: ukaona chinthu chofanana ndi chimene umadziwa, umachimalizitsa wokha, ndipo mwini wake sazindikira kuti wawonjezera kanthu.

Pachifukwa chomwecho wolembanso asakonze kalembedwe ka mwini uthenga. Ku Zambia ndi ku Mozambique ambiri amalemba c pamene a ku Malawi amalemba ch, monga Cinyanja ndi Lacinayi. Ena amasiya kachizindikiro ka m'mwamba ka mu ng'ombe ndi m'manda, ena amaika kadenga pa w. Zimenezi zimaoneka ngati zazing'ono, koma ndi umboni wa kumene uthenga wachokera. Uthenga wolembedwa Lacinayi umapereka chifukwa choganizira kuti K uja angakhale wa ku Lusaka. Wolemba akausalaza kuti ufanane ndi kalembedwe ka kwawo, wafufuta chizindikiro chimene chikanathandiza ena. Chilembo cha h nachonso chimafuna diso: pala ndi phala, kumba ndi khumba ndi mawu osiyana, ndipo m'chithunzi chofufutika h amatha kuoneka ngati n kapena b.

Alipo amene angatsutse zonsezi, ndipo mfundo zawo si zopanda pake. Anganene kuti gogo amene akumuwerengera uthenga safuna mabulaketi, amafuna kudziwa tsiku lonyamuka. Anganenenso kuti pamaliro nthawi imathamanga, ndipo uthenga wodzaza ndi mwina umasokoneza anthu amene ali kale ndi chisoni. N'zoona kuti zizindikiro zambiri zingalemetse uthenga. Yankho lake ndi kupeputsa zizindikirozo, chikayiko chikhalebe. Pagulu la pabanja palibe chifukwa chotumizira mabulaketi onse aja. Ziganizo ziwiri zomveka zimakwana, zonena kuti tsiku latsimikizika koma nambala sikuoneka. Ndipo pankhani ya nthawi, kufunsa kumadya mphindi zochepa, pamene ulendo wochoka ku Harare pa tsiku lolakwa umadya ndalama za basi ndi masiku a ntchito amene sabwereranso. Akale anati safunsa anadya phula.

Palinso malire ena amene wolembanso ayenera kuwanena poyera. Kukopera molondola sikutsimikizira kuti uthengawo ndi woona. Sikirinishoti ingapangidwe ndi wachinyengo, ndipo kufufutika kumamuthandiza, chifukwa kumabisa pamene anasintha nambala kapena dzina. Nambala imene ikuoneka yakuthwa pakati pa mawu ofufutika, kapena yolembedwa ndi zilembo zosiyana pang'ono ndi zina, imasonyeza kuti inaikidwa pambuyo pake, ndipo wolemba akaona zotere azinene. Pamwamba pa zimene walemba ndi bwino aike mawu akuti izi zakoperedwa kuchokera pachithunzi chosaoneka bwino ndipo sizinatsimikizidwe ndi eni ake. Mawu otayipidwa amayenda msanga kuposa chithunzi, ndipo pofika gulu lachitatu palibe amakumbukira kuti anachokera pa chimbuuzi. Chenjezo lolembedwa m'kati mwa uthenga womwewo ndi lokhalo limene limayenda nawo.

M'midzi ya Achewa uthenga wa maliro unkayenda ndi adzukulu, ndipo wotumidwa ankadziwika nkhope. Akafunsidwa chimene sanauzidwe, ankatha kuyankha kuti zimenezo sanamve, ndipo palibe ankamuyesa wolephera. Wolembanso sikirinishoti walowa m'malo a mthenga ameneyu, kungoti mawu ake amafika kwa anthu mazana amene sangamufunse. Ulemu wake suchepa akalemba kuti apa sipakuoneka. Amene amaika kadontho pamalo pamene sanaone amasiyira wa m'banja mpata wokonza, ndipo chipepeso cha anthu chimafika m'manja mwa ofedwa.